Matumba Asanu a Mayi Nabanda

Mayi Nabanda agwira ntchito pa kompyuta m'sitolo ya zaulimi ku Nsaru kwa zaka zisanu ndi zinayi. Zosesa, kuphika tiyi ndi kutonthoza alimi okwiya amachitanso okha, koma pa malipiro sizioneka.

Lolemba lina Bambo Chimphonda, msungichuma wa kalabu ya alimi, anabweza matumba asanu a feteleza mwa makumi awiri amene anatenga pangongole. Sitolo inali itawapatsa wobereketsa m'malo mwa wokulitsa.

"Ingofufutani invoisi ya ngongoleyo, mayi," anatero. "Kukalabu akuti ndadya ndalama."

"Kufufuta ndiye kudya kumene, bambo," anayankha akuseka.

Mayi Nabanda anapita kukagwira matumbawo limodzilimodzi, napeza kuti ndi osatsegula komanso ouma. Atabwerera analemba pepala lochotsera ngongole, kirediti noti yolozera ku invoisi ija. Pomwepo matumba asanu anabwerera m'sitoko ya m'kompyuta, ndipo ngongole ya kalabu inatsika ndi mtengo wake.

"Nanga msonkho?" anafunsa Bambo Chimphonda.

"Fetelezayu analibe VAT. Akanakhala nayo, ikanatsika limodzi."

Bambo Chimphonda anapinda pepalalo mosamala, naliika m'thumba la malaya kuti akaliwerenge pamaso pa anzawo. Matumbawo atachotsedwa, Mayi Nabanda anatenga tsache, nasesa pamene panali matumba.