Kiyi wa holo atapita kwa mng'ono wanga

Holo ya patchalitchi pathu, kufupi ndi Nsaru, inali imodzi, koma oifuna anali ambiri: makwaya, amayi a Lachinayi, kalabu ya alimi a fodya, ngakhale a sikelo ya ana. Kale munthu ankangopempha kwa amene wakumana naye. Wina kwa abusa, wina kwa amuna anga, omwe anali mkulu wa mpingo, wina kwa ine, poti kiyi ankagona kwathu. Tsiku lina kwaya ndi alimi anakumanizana pakhomo, onse ataloledwa, mpaka anatsala pang'ono kumenyana.

Akuluakulu anagamula kuti wololeza akhale mmodzi, kiyi azisunga yemweyo, ndipo tsiku ndi nthawi zizilembedwa pa kalendala ya m'holomo wopemphayo akuona. Zopemphera panjira ayi. Anasankha mng'ono wanga.

Nsanje inandigwira, sindibisa. Mwana amene ndinamubereka kumsana ineyo! Ati chifukwa analemba mayeso a Fomu 2. Anthu amene ankagwada pakhomo panga anayamba kungondipatsa moni n'kudutsa. Iye kiyi uja anamumangirira pansonga ya chitenje, azilira akamayenda ngati belu la ng'ombe.

Ukwati wa mwana wanga wamkazi utayandikira, ndinafuna kuti chilangizo chichitikire m'holo, akuchimuna aone kuti kwathu si kwa anthu wamba. Ndinakumana naye mng'ono wangayo pamjigo.

"Loweruka lomaliza mwezi uno holo ndi yanga, wamva?"

"Ndamva achemwali, koma mubwere tikalembe. Zapanjira anakaniza."

"Kodi ine ndi wapanjira?"

"Mubwere basi, n'kanthawi kochepa."

Sindinapite. Mwana wa mkulu wake ndi wake yemwe, ndiye ndikaime pamzere kupempha malo a mwana wake? Kawiri anatuma uthenga, ine ndinangoti ndamva.

Ndinapita sabata yomwe ya chilangizoyo kukatenga kiyi kuti tikolope. Anandionetsa kalendala. Loweruka langa linali la alimi, m'mawa mpaka madzulo, alangizi a zaulimi akuchokera kutali.

"Ndinawadikiritsa masiku, achemwali. Iwo anabwera, inu ayi. Ndikafufuta awa chifukwa cha inu, mawa andikhulupirira ndani?"

Nyumba yanga inali yaudzu, yosakwana ngakhale apongozi okha. Iye anati tikachitire kwake, kunyumba yamalata, ya khonde lasimenti. Ndikanakana bwanji, alendo ataitanidwa kale?

Chilangizo chinayenda bwino, ndipo n'zimene zimandipweteka mpaka lero. Ine ndinatandala kuseri ndi miphika, utsi uli m'maso. Iye ali pakhonde kulandira alendo, kiyi ali ngwelengwele. Potsanzika, mayi wa mkamwini wanga anamugwira manja onse awiri mng'ono wangayo, ine ndili chiimire pambali ndi beseni la mbale.

"Mwalera bwino mwana, mayi," anatero.