Odula ziliza a kuseri kwa mpanda

Mpaka lero ndikamva makina odulira mwala, mano amandiyayamira. Wondiyambitsa zimenezi anali aneba athu ku Zengeza, bambo amene ankasema ziliza pabwalo la nyumba yawo. Anali munthu wakwathu ndithu, makolo awo ndi athu anabwera m'dziko la Ashona muno ndi sitima zomwezo. Koma chibale chakecho, ayi ndithu, ndinachilavula.

Bambo a kunyumba kwanga anali atafa ziwalo mbali imodzi. Tulo sitinkabwera usiku, ndiye ankadalira kugona masana. Chipinda chathu chinayang'anana ndi mpanda, ndipo kuseri kwa mpandawo ndi kumene aneba anaika jenereta ndi makina awo. Ankayamba maminibasi oyamba asananyamuke, n'kuleka kutada, Lamulungu lomwe. Makina akalira, odwala anga ankadzidzimuka, dzanja lamoyolo likugwira khutu, misozi ikutsika. Ine mtima unkachita kuwira.

Ndinapita mwaulemu, ndinagwada pakhomo pawo.

"Bambo, alamu anu akuvutika. Bwanji makinawa muwasunthire kutsogolo?"

"Mayi, pano ndi panga," anatero akupukuta fumbi kumaso. "Pepala la kukhonsolo ndili nalo. Ana anga adye phokoso la ndani? Mukafuna bata kagulani nyumba kumayadi."

Kumayadi! Ine wogulitsa tomato pamsika wa ku St Mary's? Ndinadzuka osatsanzika.

Mwana wanga wamkazi ndiye anandipezera loya wothandiza osauka, mtsikana wolankhula mosapsatira. Anati pepala la kukhonsolo si chilolezo chozunzira anthu, ndipo tikhoza kupempha khoti liwaletse. Ndinasangalala. Kenaka anandithira madzi ozizira.

"Koma amayi, khoti silikayeza ndi khutu la wodwala. Likafunsa kuti munthu wamba wokhala ku Zengeza angapirire phokoso lotani. Nawonso ali ndi ufulu wogwiritsa ntchito malo awo."

"Ndiye amuna anga si munthu?"

"Ndi munthu. Koma muyeso wake ndi umenewo."

Ndinatuluka ndikutukwana chamumtima, iye ndi malamulo akewo.

Woweruza anabwera yekha kudzaona. Anaima m'chipinda chathu, n'kulamula kuti makina ayatsidwe. Kapu ya madzi inayamba kuvina patebulo. Anayeza ndi maso kuchokera pawindo kufika pajenereta, anamvetseranso wailesi za anthu, ana mumsewu ndi ogulitsa akukuwa.

Pogamula anati dera lathu si lachete, ndipo oyandikana amapirirana. Koma kudula miyala mbandakucha mpaka mdima, tsiku ndi tsiku, pansi pa windo la mnzako, pamene malo ena pabwalo alipo, kwapyola muyeso kwa wina aliyense, wodwala kapena wangwiro. Analamula kuti makina apite mbali ya kumsewu, amangiridwe chipupa, azilira nthawi ya ntchito yokha, ndipo Lamulungu asalire. Kutseka ntchito yonse anakana.

Anthu ankati ndapambana. Kupambana chiyani? Nthawi ya ntchitoyo ndi imene odwala anga ankafuna kugona. Phokoso linachepa, sindinama, kapu inaleka kuvina. Koma linkafikabe. Aneba anatsata chigamulo ngati wotchi: nthawi ikangokwana, gwiii, osachedwa ndi pang'ono pomwe. Moni tinalekana. Akazi awo akamasesa, zinyalala zinkathera pageti panga, ine n'kuzibweza ndi tsache lomwelo.

Tinawasamutsira odwala pabalaza, tinatseka windo ndi mabulangete. Ankagona modukizadukiza. Ankandifunsa ndi lilime lolemera kuti lero ndi Lamulungu kodi, ine n'kuyankha kuti ayi, ndi Lachitatu.

Anamwalira nyengo yozizira, m'mawa. Uthenga utangodutsa mpanda, makina anazima. Mwambo ndi mwambo, pamaliro a mnansi munthu sagwira ntchito. Palibe woweruza anawalamula. Aneba anavula ovolosi, anabwera ndi nkhuni pangolo yamanja, n'kukhala ndi amuna anzawo pamoto. Masiku onse a maliro kunali zii. Ndinamva njiwa zikulira padenga, zomwe ndinali nditaiwala kuti ziliko.

Titabwerako kumanda aneba anadzagwada pamene ndinakhala, chipewa chili m'manja.

"Pepani mayi, mavuto awa. Nthawi ya chiliza ikakwana musavutike. Ndidzasema ndine, ulele."

Azimayi a kumpingo anang'ung'udza moyamikira. Ine ndinawayang'ana bambowo, fumbi la miyala likadali m'zikhadabo.

"Makina aja amazimika eti?" ndinafunsa.

Mwana wanga anandikoka nsalu, akunong'ona m'Chishona kuti anthu akumva. Ndinamuchotsa dzanja.

"Mwala wanu sungani, bambo. Amuna anga mwawapatsa masiku a bata awa ali m'bokosi. Iwo ankangopempha masana amodzi."