Chidindo cha a Kuramochi

A Kuramochi Shigeo anagwira ntchito ya ulembi kwa zaka makumi atatu ndi zinayi pa kampani ya Hayasaka, yomanga misewu ndi milatho m'chigawo chathu cha kumpoto kwa Japan. Tebulo langa linali moyandikana ndi lawo. Ine ndinkalemba makalata othokoza ndi opepesa pa maliro, pomwe iwo anapatsidwa kalata imodzi yolemera kuposa onsewo, yomwe imakhala pamwamba pa zikalata zonse kampani ikamapikisana ndi anzake pofuna kontirakiti ya boma.

Kalatayo inkakwana tsamba limodzi. Inkatchula ntchito zofanana ndi yomwe ikufunidwayo zomwe kampani inamaliza, makina omwe ili nawo, dzina la injiniya yemwe adzayang'anire ntchitoyo, ndi kutsimikiza kuti misonkho inaperekedwa komanso kuti kampani siili pachiletso. Kumapeto kunkakhala lumbiro lakuti zonse zolembedwazo ndi zoona, ndipo m'munsi mwake chidindo cha kampani. A Kuramochi sankalemba mzere uliwonse asanagwire ndi dzanja lawo pepala louchitira umboni. Nkhomaliro yawo ya mpunga ndi nsomba yamchere ankadyera kutali ndi tebulo, kuopa kudontheza mafuta. Ankanyadira mwakachetechete kuti m'zaka zonsezo palibe kalata yawo yomwe inabwezedwa, ndipo kunali kutatsala miyezi isanu ndi itatu kuti apume pantchito dzina lawo lili loyera.

Chaka chimenecho bwana wamkulu anadwala, mpando n'kupita kwa mwana wawo, a Takeru. Khonsolo ya mzinda inalengeza ntchito yokonzanso mlatho wa pamtsinje, ndipo zikalata zinayenera kuperekedwa pa 1 Julaye. Mwa zofunika zake munali lamulo lomwe aliyense wa ntchito yathu amalidziwa, lakuti injiniya wotchulidwa m'kalata akhale atalembedwa ntchito pakampanipo miyezi itatu kapena kuposerapo tsiku loperekera lisanafike. Injiniya wathu wakale anali atapuma. Watsopano, a Iwabuchi, anayamba pa 12 Epulo, motero ankaperewera masiku khumi ndi limodzi.

A Kuramochi anapita kukafotokoza zimenezi mwaulemu, ndipo analangiza kuti mpikisano umenewu tiulole utipite. A Takeru anatsegula kabati n'kutulutsa fotokope ya khadi la inshuwalansi ya zaumoyo la a Iwabuchi, lomwe ndilo umboni wa tsiku loyambira ntchito. Pa fotokopeyo panalembedwa 1 Epulo.

"Bwana, tebulo la a Iwabuchi ndinakonza ndine. Tsiku lake linali la 12."

"Madala, maso ayamba kukunamizani eti? Werengani pepalalo. Paja inu mumati simulemba za m'mutu, mumalemba za papepala. Ndi ilitu pepala."

Anawonjezera kuti anthu makumi anayi akudya pakampanipo, ndipo ngati achikulire akufuna kukhala oyera okha, akauze okha mabanja a anthuwo. A Kuramochi anawerama n'kubwerera pamalo pawo. Masanawo analemba kalatayo, ndipo inali yaukhondo ngati zonse za m'mbuyo.

Pakampani pathu chikalata chisanatuluke chinkayenda ndi kapepala ka chilolezo kokhala ndi timabokosi. Wolemba ankadinda chidindo cha dzina lake kumanja, mkulu wa nthambi pakati, bwana kumanzere. Wamng'ono ankapendeketsa chidindo chake pang'ono kulozetsa kumanzere, kuti dzina lake lioneke ngati likuweramira akuluakulu. A Kuramochi anadinda mwa mwambowo. Mkulu wa nthambi tsikulo anapezeka kuti wapita kukayendera msewu wakutali. A Takeru anati ali pachangu, adzadinda mawa, ndipo anapatsa a Kuramochi kiyi wa bokosi la chidindo cha kampani kuti adinde okha pakalatayo. Ndinaona zonsezi ndili pampando wanga.

Mitengo ya makampani opikisana itatsegulidwa, wathu unali wotsikitsitsa. Koma khonsolo isanapereke kontirakiti inafufuza zikalata za wopambana, ndipo m'kaundula wa ntchito za boma munapezeka kuti mpaka pa 10 Epulo a Iwabuchi anali akuyang'anira ntchito ya kampani ina. Kupambana kwathu kunafafanizidwa, ndipo tinaletsedwa kupikisana nawo kwa miyezi inayi chifukwa cholemba zabodza.

A Takeru anasonkhanitsa ofesi yonse n'kukweza kapepala ka chilolezo m'mwamba. Panali chidindo chimodzi chokha, chikuweramira timabokosi topanda kanthu.

"Ndani akuona dzina langa apa? Mukuliona, a Numata?"

A Numata ndine. Ndinayankha kuti sindikuliona, ndipo sindinawonjezere kanthu.

Khonsolo inafuna kalata yofotokoza momwe zinachitikira. Popeza panalibe wina wodziwa kulemba makalata otere, a Takeru analamula a Kuramochi kuti ailembe okha. Yoyamba inangoti panachitika kulakwitsa pa tsiku, ndipo a Takeru anaibweza. Yachiwiri inati mlembi sanafufuze mokwanira, ndipo anaibwezanso atailemba mizere yofiira ngati kope la mwana wasukulu.

"Zaka zonsezi kulemba makalata, kupepesa kokha kukukanikani? Lembani kuti munasintha tsikulo nokha, munatenganso chidindo popanda chilolezo. Mukatero tisiyana bwino, ndalama zanu zopumira pantchito sitizikhudza."

Akazi awo a Kuramochi anali odwaladwala, ndipo a Takeru ankadziwa. Yachitatu inalandiridwa. Ndinaiwerenga poiika mu envulopu, ndipo ndinganene mosakayika kuti inali kalata yokonzedwa bwino kuposa zonse zomwe analembapo, yopanda mawu otayika ngakhale amodzi. M'mawa mwake anavala suti yakuda n'kupita ndi a Takeru kukhonsolo, komwe anawerama pamaso pa akalaliki omwe kwa zaka zambiri ankaonetsa makalata awo kwa makampani ena monga chitsanzo. Akuti a Takeru anaweramanso, n'kupepesa kuti anakhulupirira munthu wokalamba mopitirira muyeso.

Lonjezo la kusiyana bwino silinalembedwe paliponse. Sabata yotsatira a Kuramochi anachotsedwa ntchito monga chilango, a Takeru atanyamula kalata yawo yomwe ija ngati umboni wowatsutsa. Sipanakhale maluwa kapena chakudya chotsanzikana. Anapukuta tebulo, anabweza zolembera za kampani, anayendera aliyense kuthokoza chifukwa chowapirira nthawi yaitali. Atafika pa ine anandipatsa faelo ya makalata awo akale, n'kundichenjeza kuti khonsolo imafuna dzina la ntchito likopedwe ndendende monga lilili pachilengezo.

Chiletso chitatha, kalata ya pamwamba inakhala ntchito yanga. Ndinkakopera mawu awo, kusintha mayina ndi masiku okha, ndipo tinapambana kawiri. A Takeru anandiyamikira pamaso pa anthu kuti ndabweretsa kalembedwe katsopano.

Ntchito ya mlatho inapita kwa kampani yomwe inali yachiwiri pamitengo. M'nyengo yachisanu ndinadutsa pamenepo pagalimoto ndi a Takeru. Yemwe ankaimitsa magalimoto ndi kandodo kofiira, atavala chisoti ndi chovala chonyezimira, anali a Kuramochi. A Takeru anatsitsa galasi.

"Madala, pano ndiye mwapeza yokuyenerani. Palibe tsiku loti mulisokoneze."

A Kuramochi anayang'ana kutsidya, anadikira kuti galimoto yomaliza idutse, anawerama, kenako anatilozera njira kuti tipite.