Maoda Naini a ku Bulangililo

Ine wakuba ndimamumva fungo asanalowe pakhomo. Ndinkatero kwa aliyense, poti ndinakulira pamsika ku Kitwe, ndikunenerera mitengo mpaka wogulitsa kundipepesa. Nditatsegula kagolosale ku Chimwemwe ndinayamba kulandira maoda pa intaneti: munthu ali kutali alipire ndi khadi, ine ndikapereke katundu kwa abale ake.

Anandipusitsapo kamodzi. Timaoda ting'onoting'ono, khadi lililonse dzina lake, katundu yense nyumba imodzi ku Ndola. Makhadiwo anali obedwa. Eni ake atadandaula, banki inatenga ndalama kwa ine, mafuta amene ndinapereka atakazingira kale nsomba.

Ndiye Lachisanu lina m'mawa kunalowa maoda naini mu ola limodzi. Makhadi naini, mayina naini, nyumba imodzi. Pa adiresi onse analemba "Bulangilio" m'malo mwa "Bulangililo". Anthu naini sangaiwale chilembo chomwecho, ndinatero mumtima. Dzanja ndi limodzi.

"Imbani kaye foni, bambo," anatero mkazi wanga.

"Kuti wakubayo andiuze kuti si wakuba?"

Ndinawakana onse, n'kubweza ndalama kumakhadi, ndikudziwa kuti zimatenga masiku kuti zifike.

Loweruka masana kunabwera mayi wina wachikulire, nsapato zili mbuu ndi dothi.

"Ndinu a golosale? Tinakudikirani dzulo tsiku lonse."

"Amayi, maoda aja anali okayikitsa."

"Okayikitsa? Achimwene anga tawaika m'mawa uno."

Malemuwo anali kalaliki wa ku migodi wopuma ntchito, mkulu wa mpingo. Ana ndi adzukulu, ena ku Lusaka, ena ku Joni, anagawana zogula, aliyense ndi khadi lake. Adiresi anaikopera pa uthenga umodzi wa pagulu la banja, wolembedwa ndi munthu amene ankalira. Atamva kuti ndakana, ambiri analibe zina zotumiza.

"Anthu pochoka kumanda angosamba m'manja n'kumapita," anatero mayiwo. "Alamu anga akulephera kudzutsa nkhope."

Atapita ndinatsegulanso maoda aja, n'kuona zimene katswirine sindinayang'ane. Panalibe khadi lokanidwa ngakhale limodzi, pomwe akuba aja anayesa ambiri asanapeze ogwira. Aliyense anatsimikiza ndi nambala yachinsinsi yochokera kubanki yake. Nanga katunduyo: kabichi, makala, mchere, masamba a tiyi. Wakuba uti amaba kabichi? Pa oda imodzi panali mawu akuti, "Pepani amama, ndalephera kubwera."

Lamlungu ndinanyamula zonse n'kupita nazo. Ndinapeza akupasula tenti. Namfedwa anandilandira pamphasa, nandifunsa za kunyumba mwaulemu. Ine amene pakamwa sipauma, ndinangoti bwino.

"Zikomo, bambo," anatero. "Koma anthu apita. Adya ndani?"

Sabata imeneyo palibe anandibera ngakhale ngwee. Ndiye tandiuzani inu, anapambana ndani?