Beseni langa ndi pepala lachidindo

Zaka zimene tinalibe makhansala zija, ndinkagulitsa mtedza wokazinga m'mbali mwa msewu pa Kamwendo. Tsiku lina la msika kunabwera bambo wina atanyamula pepala lachidindo, akuti ndi lamulo latsopano la asembule loletsa kugulitsira kunja kwa msika. Anandilanda beseni lonse, ine n'kupereka chogwada, poti ife chidindo timachiopa.

Alamu anga, omwe kale anali khansala, ataliwerenga pepalalo pomwe bambo aja analimata pamtengo, anapukusa mutu.

"Mlamu, lamulo lotere amapanga ndi makhansala pamsonkhano wawo. Amaliika poyera kuti wodandaula adandaule, kenako Nduna ilivomereze, lituluke mu Gazeti ya boma. Nanga ife tinachoka, ena sanasankhidwe, ili wapanga ndani?"

M'mawa mwake ndinawapeza bambo aja n'kuwafunsa funso lomwelo. Sanandiyang'ane n'komwe, anangondikankhira beseni langa ndi phazi. Munalibe ngakhale njere imodzi.

Za mtedza ndinaiwala, ndinalima wina. Chimene chimandiwawabe mpaka lero n'chakuti ine, mayi wa ana anayi, ndinagwadira wakuba anthu akuona, n'kumuuza kuti zikomo.