Kufulatira Abwana

Kompyuta yoyamba imene ndinaiona inafika pa ofesi yathu ya alimi ku Petauke chakumapeto kwa nthawi ya chipani chimodzi, itafunditsidwa bulangete ngati khanda. Ine ndinali wotaipa makalata, mayi wachitsikana wa ku Luembe, ndipo ndine ndinatumizidwa kukaphunzira makinawo. Abwana anandiuza mosabisa kuti ndikalephera, mwana wa mlongo wawo analipo, akudikira mpandowo.

Malo oika makinawo anasankha okha abwana. Chinthu chaulemu chimakhala pamalo aulemu, choncho tebulo analigunditsa kukhoma, pansi penipeni pa chithunzi cha mtsogoleri wa dziko. Ine ndinkakhala moyang'ana khomalo, zenera lalikulu la kum'mawa lili kumsana kwanga. Zoika katani pazenerapo anakana. Ankafuna kuti alimi odutsa panja azisuzumira n'kuona chitukuko.

Alimiwo anachionadi, koma ine ayi. Dzuwa likangokwera, galasi la kompyuta linkasanduka kalilole. Zilembo zobiriwira zinkazimiririka, ndipo ndinkangoona zenera, mtengo wa mango ndi nkhope yanga itakwinyika. Amesenjala athu nawonso, bambo wachikulire wokonda ntchito yake, m'mawa uliwonse ankapaka galasilo polishi wa pansi mpaka waliwali. Ankati makina odula chonchi sangakhale otuwa ngati mapazi a mlimi.

Ndinkasendera mpaka mphuno kutsala pang'ono kugunda galasi, maso ali tong'o osaphethira. Pofika masana m'maso munkakhala ngati muli mchenga, misozi ili chuchuchu, mutu ukuwawa kuyambira pachipumi mpaka m'khosi. Mndandanda wa alimi ndinkaupotoza. Midzi ya ku Kaumbwe ndinaisamutsira ku Kacholola, mayi wina ndinamulemba kawiri. Abwana ankazunguliza zolakwazo ndi cholembera chofiira n'kusunga mapepalawo m'dirowa mwawo. Ndinkachita mantha kwambiri ndi dirowa limenelo.

Madokotala a pa ofesi sanasowe. Ena ankati makina achizungu amadya maso, ena ankati alipo wandichita chipongwe chifukwa cha nsanje. Koma ambiri anagwirizana kuti misozi ya mkazi imachokera kunyumba. Amayi a kutchalitchi anabwera atatu, ndipo mwamuna wanga, munthu wosalakwa, analangizidwa Loweruka lathunthu.

Ndinapita kuchipatala. Bambo woyeza maso anandiwerengetsa zilembo za pakhoma mpaka zing'onozing'ono, n'kunena kuti maso anga alibe vuto. Kenako anandifunsa funso limene ndinaliona lachibwana: zenera lili mbali iti? Nditawauza anaseka. Anati zenera likakhala kumsana limaonekera m'galasi, likakhala kutsogolo limathobwa m'maso, ndiye lizikhala chakumbali. Anati galasi litalikirane nane kutalika kwa mkono, m'mphepete mwake mwa pamwamba mulingane ndi maso anga, ndipo lizipukutidwa ndi kansalu chabe. Misoziyo anati inali ya maso ouma, chifukwa munthu woyang'anitsitsa amaiwala kuphethira. Anandiuza kuti ndizipumira kawirikawiri n'kumayang'ana kutali.

Lolemba ndinalawirira. Waya wamagetsi unali waufupi, choncho mbali yotembenuzira tebulo inali imodzi yokha, ya khoma la soketi. Pansi pa makinawo ndinaika mabuku awiri akale a malipoti, polishi ndinamutsuka, ndipo amesenjala anangopukusa mutu ngati ndawonongetsa katundu wamasiye. Nditakhala pansi, zilembo zinaoneka bwinobwino, chilichonse pachokha. Chisangalalo chinandiiwalitsa kuti khomo la ofesi ya abwana tsopano linali kumsana kwanga.

Abwana atafika anaima pakhomopo nthawi yaitali. Ine sindinawaone n'komwe, si paja ndinali nditawafulatira. Amesenjala ndi amene anatsokomola.

"Amai, sabata yatha munali kulila, lelo mwatifulatila," anatero abwana motsitsa mawu. "Nanga makina mwawachotsa pansi pa chithunzi, mufuna anthu akambe chani?"

Ndinaimirira n'kufotokoza za zenera, za mkono, za kuphethira. Anamvetsera mwaulemu, n'kundifunsa ngati kwathu ku Luembe ana amaphunzitsidwa kulozetsa msana akuluakulu. Ndinapsa mtima, koma ndinayankha kuti ayi. Tebulo sindinalibweze.

Masiku atatu ndinagwira ntchito mutu osawawa, ndipo cholembera chofiira chinasowa chochita. Lachinayi abwana anandipatsa pepala lolemba pamanja kuti ndilitaipe. Inali kalata yondisamutsira ku depoti ya ku Nyimba, kumene kunali taipi yakale yosowa munthu, ndipo chifukwa chake chinalembedwa kuti bungwe likudera nkhawa maso anga. Ndinaitaipa ndekha, ndinaiwerenga kawiri, inalibe cholakwa ngakhale chimodzi. Abwana anaisaina n'kundiyamikira kuti ntchito yanga yasintha kwambiri.