Cheke cha Chaka Chatha

Ku Nkhata Bay ananditumiza ngati kalaliki, ine wa ku Thyolo, Chitonga osachidziwa. Anzanga akaseka pa ofesi ndinkangoseka nawo, mwina akuseka ine ndemwe. Mkazi wanga ndinamusiya kumudzi ali woyembekezera, ndipo mu Januwale uthenga unafika kuti wachira, mwana wamkazi. Ndinapempha tchuthi ndi ndalama za ulendo. Anandilembera cheke, mabwana onse awiri n'kusaina monga mwa lamulo la ofesi yathu.

Masiku amenewo a banki ankachita kutsika kuchokera ku Mzuzu kamodzi pa sabata. Ndinaima pamzere, chikwama nditamanga kale. Wapakauntala anali bambo wa magalasi, wosafulumira. Anayendetsa cholembera pa dzina langa. Anawerenga ndalama zolembedwa m'mawu, n'kuziyerekeza ndi za manambala, zinagwirizana. Masiginecha awiri aja anawafananiza ndi a pa khadi lawo, analinso bwino. Kenaka cholembera chinabwerera pamwamba, pa deti, n'kuima.

"Achimwene, chekechi ndi cha Januwale wa chaka chatha."

"Ayi bwana, alemba sabata yomwe ino!"

"Ndikukhulupirirani. Dzanja linazolowera chaka chakale, zimachitika mwezi uno. Koma cheke chikapyola miyezi isanu ndi umodzi sitilipira. Akonze chakacho, ndipo onse awiri asaine pambali pa pokonzedwapo."

Ndinathamangira ku ofesi thukuta lili kamukamu. Bwana wamkulu anakhwatcha chaka, kulemba cholondola, kusaina. Nditafunsa za wachiwiri wawo, amene sanaoneke kuyambira dzulo lake, bwanayo anangoyang'ana pawindo. Mayi wotaipa anandikokera pakhonde n'kundinong'oneza m'Chichewa chake cha Chitonga kuti inabwera galimoto ya boma kudzawatenga, ndipo ndisawatchulenso ngati ndikufuna moyo.

Ndinapsa mtima, koma ukanakalipira ndani? Cheke china chinafunanso anthu awiri. Kuti wina alowe m'malo, siginecha yake inayenera kupita kaye ku Mzuzu, ndipo panalibe wofuna kulemba kalata yonena chifukwa chake. Wondikongoza ndalama ndinalibe. Mlendo ndani angamukhulupirire?

Sitima ya panyanja imene ndinayenera kukwera inabwera n'kupita. Ndinaimva kulira ndili m'kachipinda kanga, nditakhalira chikwama. Ndinalira ndithu, munthu wamkulu ine, ndipo panalibe ngakhale wondiuza kuti pepa. Kenaka ofesi inati ntchito yachuluka chifukwa munthu mmodzi wachepa, tchuthi chidikire.

Kwathu ndinakafika chimanga chitakololedwa kale. Mwana uja dzina anali atamupatsa amalume ake. Mkazi wanga anamumasula kumbuyo nati, "Pita kwa atate ako." Ndinatambasula manja. Mwanayo anandiyang'ana, kukamwa pindu, n'kulira mokuwa atakakamira bulauzi ya amake. Apongozi anati ndiyambe ndakhala pataliko mpaka andizolowere, ndiye ndinakakhala pa mpando wa alendo.